Mota ikutentha koma kilampumita ikuti zili bwino: yambani mwaona ngati ili pa sitala kapena deluta

Vuto ili ndakumana nalo kambirimbiri ndipo limabwera mofanana nthawi zonse. Mota ya mafezi atatu yangoikidwa kumene, kapena yangobwera kokaiwayinditsa, mwailumikiza, mwaiyatsa popanda katundu ikuzungulira bwinobwino osamveka phokoso lililonse lachilendo. Mwaika malamba, yayamba ntchito, pakangotha mphindi 20 kapena 30 thupi lake lija simungaligwirenso, liwiro latsika, mwinanso yayamba kununkha vanishi. Mukutenga kilampumita kupima waya uliwonse, karenti ili pansi pa nambala yomwe mwaiona pa puleti, ovalodi nayo siikudula. Ndiye anthu amayamba kunena kuti mabering'i atha, kapena wowayinda uja anaba mawaya, ena amati magetsi ndi ochepa. Kawirikawiri si zimenezo ayi. Tsegulani kabokosi ka mateminolo muone mmene tizitsulo titatu tija tagonera, yankho limakhala pamenepo.

Musanagwire chilichonse mkatimo zimitsani bureka, itsekeni ndi loko kuti wina asabwere kudzayatsa, ndipo pimani ndi mita kuti magetsi achokadi pa mateminolo onse. Izi sindikunena mwamwambo chabe, 400 V imapha.

Mkati mwa mota muli makoyilo atatu, koyilo iliyonse ili ndi mutu ndi mchira, ndiye mateminolo amakhala 6. Koyilo yoyamba ndi U1 ndi U2, yachiwiri V1 ndi V2, yachitatu W1 ndi W2. Pa bolodi amawayala chonchi:

```
W2   U2   V2
U1   V1   W1
```

Mzere wa pamwambawo anausuntha dala, U2 sakhala pamwamba pa U1, cholinga chake nchakuti mukaimika tizitsulo molunjika musalumikize mutu ndi mchira wa koyilo imodzi yomweyo. Mukagoneka tizitsulo chopingasa kulumikiza W2, U2 ndi V2 pamodzi, imeneyo ndi sitala, chizindikiro chake ndi Y, michira yonse yakumana malo amodzi. Mukatiimika titatu, U1 ndi W2, V1 ndi U2, W1 ndi V2, imeneyo ndi deluta, chizindikiro chake ndi Δ, mchira wa koyilo ina wagwira mutu wa inzake mpaka kuzungulira. Mawaya atatu a magetsi amalowa pa U1, V1, W1 konsekonse.

Tsono chomwe chimasintha ndi voteji yomwe koyilo iliyonse ikulandira. Pa deluta koyilo ili pakati pa mafezi awiri mwachindunji, ndiye ngati pakati pa fezi ndi fezi pali 400 V koyiloyo ikudya 400 V yonse. Pa sitala pakati pa mafezi awiri pali makoyilo awiri, koma musaganize kuti agawana 200 ndi 200, chifukwa mafezi aja sakwera ndi kutsika nthawi imodzi, amasiyana ndi madigiri 120. Ndiye timagawa ndi 1.732, koyilo iliyonse imalandira 230 V. Nambala imeneyi ya 1.732 muisunge pamtima, ndi yomwe ikulamulira nkhani yonseyi. Ku karenti zimatembenuka: pa sitala karenti yomwe mukupima pa waya wa magetsi ndi yomweyo ikudutsa mu koyilo, palibe kwina kopita, pomwe pa deluta waya umodzi ukudyetsa makoyilo awiri ndiye karenti ya pa waya imaposa ya mu koyilo ka 1.732.

```
Y :  V koyilo = V laini / 1.732     I laini = I koyilo
Δ :  V koyilo = V laini             I laini = 1.732 x I koyilo
```

Ndiye funso loti "ndiike sitala kapena deluta" mota imayankha yokha pa puleti, bola kudziwa kuwerenga. Pamakhala manambala awiri a voteji, ndipo yaing'onoyo ndi voteji yomwe koyilo imodzi inapangidwira. Nambala yaing'ono ndi ya deluta, yaikulu ndi ya sitala, nthawi zonse. Mota yolembedwa 230/400 V makoyilo ake ndi a 230 V, pa magetsi a 400 V iyenera kukhala pa sitala basi. Mota yolembedwa 400/690 V makoyilo ake ndi a 400 V, pa magetsi omwewo a 400 V iyenera kugwira ntchito pa deluta. Njira yosavuta, pimani voteji pakati pa fezi ndi fezi, ifunefuneni nambala imeneyo pa puleti, ngati ili kumanzere ndi deluta, ngati ili kumanja ndi sitala. Mamota ang'onoang'ono mpaka cha m'ma 3 kW ambiri amakhala a 230/400, akuluakulu amakhala a 400/690, koma ichi ndi chizolowezi chabe cha opanga, ine sindilumikiza mota potengera kukula kwake ndisanaone puleti.

Pali kaganizidwe kena komwe kapsetsa mamota ambiri, koti deluta ndi "ya mphamvu" ndipo sitala ndi "yofooka", ndiye munthu akaona makina akulemera amangotembenuza tizitsulo kuti awonjezere mphamvu. Mota ya 230/400 V yomwe ili pa sitala pa 400 V ikupereka kale mphamvu yake yonse, palibe yomwe yabisala. Mukaiika pa deluta makoyilo a 230 V alandira 400 V, kupyola ndi 73 peresenti, chitsulo cha mkati chimakhuta maginito ndipo karenti imalumpha koopsa ngakhale palibe katundu. Imalira mokwiya, imatentha mwamsanga, ovalodi ikakhala yabwino idula, ikakhala kuti palibe kapena anaikweza, utsi ubwera posachedwa. Cholakwika chimenechi chimadziulula chokha msanga. Chomwe chimavuta ndi chinacho, mota ya 400/690 V kuisiya pa sitala, chifukwa imaoneka ngati ili bwino ndipo imafa pang'onopang'ono.

Ndikupatseni nkhani yomwe ndinaigwira ndekha. Inali mota ya 11 kW yoyendetsa kompuresa ndi malamba, puleti yake inali chonchi:

```
11 kW   50 Hz   1460 r/min
Δ/Y   400/690 V   21.5/12.4 A
```

Amene anaiika anasiya tizitsulo chopingasa mmene anatipezera, n'kuika ovalodi pa 21.5 A poti ndi nambala yomwe ili moyang'anana ndi 400 V. Nditafika ndinapima ikugwira ntchito, 18 A pa waya uliwonse, mafezi onse ofanana bwino, voteji 400 V ilipo. Mwini wake amvekere, nanga bambo mwaonatu siikufika ndi pa 21 pomwe, ndiye ikutenthera chiyani? Apa ndi pomwe pagona nkhani. Koyilo ya mota imeneyi imatha kusenza 12.4 A basi, kaya pa sitala kaya pa deluta, chifukwa 21.5 kugawa ndi 1.732 ndi 12.4 yomweyo. Pa sitala karenti ya pa waya ndi yomweyo ya mu koyilo, ndiye 18 A ija yonse imadutsa mu waya wa kopa wopangidwira 12.4 A. Kutentha sikukwera mofanana ndi karenti, kumakwera ndi karenti kuchulukitsa ndi iyo yomwe, 18 kugawa ndi 12.4 ndi 1.45, ndipo 1.45 kuchulukitsa ndi 1.45 ndi 2.1. Makoyilo amatulutsa moto wopitirira kawiri pa womwe anawapangira, ovalodi ili phee chifukwa iyo ikudikira 21.5 A yomwe siifika. Kilampumita siinaname, koma imafanizidwa ndi nambala yolakwika.

Nanga chimakoketsa karenti yonseyo ndi chiyani pomwe voteji ndi yochepa? Ndi toki, mphamvu ija yopotokola shafiti. Toki ya mota yamtunduwu imayendera voteji kuchulukitsa ndi iyo yomwe. Voteji ya koyilo yatsika ka 1.732, ndiye toki yatsika ka 1.732 kuchulukitsa 1.732, komwe ndi katatu. Pa liwiro lililonse mota ya pa sitala ili ndi gawo limodzi mwa atatu la toki yomwe ikanakhala nayo pa deluta. Tiwerengere ya 11 kW ija:

```
T = 9550 x kW / rpm = 9550 x 11 / 1460 = 72 Nm
```

Mamota otere toki yawo yapamwamba kwambiri, ija yoti mukaipyola mota imagwada, imakhala kawiri ndi theka kapena katatu pa toki ya pa puleti, tinene 200 Nm. Pa sitala imeneyo yatsala pafupifupi 67 Nm, yosafika ndi pa 72 pomwe. Ndiye kuti mota imeneyi ikanapatsidwa katundu wake wonse wa 11 kW ikanangoima n'kumang'ung'udza. Kompuresa ija siimafuna mphamvu yonse, n'chifukwa chake imayendabe, koma kuti ipeze toki yokwanira ndi maginito ofooka mota imachita kutsitsa liwiro, ndipo liwiro likamatsika rota imakoka karenti yambiri, fani ya kumbuyo nayo ikuzungulira pang'ono mphepo yachepa. Zonse zikuthandizana kuipha.

Ndinazimitsa, n'kupima makoyilo atatu aja ndi mita nditachotsa tizitsulo tonse, anali ofanana, n'kupimanso ndi mega kupita ku thupi kuona ngati vanishi wapsa, mwamwayi anali asanafike poipa. Ndinaimika tizitsulo pa deluta, kuyatsa. Chodabwitsa kwa mwini wake chinali chakuti kilampumita inaonetsa 17 A, pafupifupi yomweyo ya poyamba, iye n'kumati ndiye mwasintha chiyani. Koma tsopano 17 A ikugawanika, mu koyilo mukudutsa 17 kugawa ndi 1.732, pafupifupi 9.8 A, pansi pa 12.4. Liwiro linabwerera, kamvekedwe kanasintha, patatha ola thupi linali lofunda chabe. Ndiye mukamapima, musamangofunsa kuti ndi ma ampu angati, dzifunseni kuti tizitsulo tagona bwanji ndipo koyilo ikuona zingati.

Zizindikiro zoti mota ili pa sitala molakwika ndi zimenezo: popanda katundu karenti imakhala yochepa modabwitsa ndipo imalira mofatsa kwambiri, ikapatsidwa katundu imachedwa kunyamuka kapena imafuna kuithandiza, liwiro limagwa kwambiri poyerekeza ndi la pa puleti, mafezi onse atatu akukoka mofanana koma ikutentha. Kufanana kwa mafeziko kumathandiza kusiyanitsa ndi vuto la kutayika kwa fezi imodzi, chifukwa kumeneko waya umodzi umaonetsa ziro ndipo awiriwo amakwera.

Tsono kufooka komweku kwa sitala ndi komwe timakugwiritsa ntchito dala poyambitsa mota. Mota ikamanyamuka mwachindunji imakoka karenti ka 6 mpaka ka 8 pa ya pa puleti, ya 11 kW ija ndiye kuti cha m'ma 150 A kwa kanthawi, magetsi amaphethira, jenereta yaing'ono imatsamwa. Mukaiyambitsira pa sitala karenti ya pa waya imakhala gawo limodzi mwa atatu, cha m'ma 50 A. Anthu ena amadabwa kuti bwanji katatu pomwe voteji yatsika ka 1.732 kokha. Ndi chifukwa chakuti zikuchitika kawiri: karenti ya mu koyilo yatsika ka 1.732 poti voteji yatsika, kenako waya sakudyetsanso makoyilo awiri ndiye ka 1.732 kena kachoka. Koma mtengo wake ndi toki yonyamukira, ngati pa deluta inali 158 Nm pa sitala yatsala 53 Nm. Palibe chaulere apa, zonse ziwiri zimatsika katatu limodzi.

Pachifukwa chimenecho sitata ya sitala-deluta imayenera makina omwe amanyamuka opepuka, monga fani, pampu ya madzi yozungulira, kapena kompuresa yomwe imatulutsa kaye mpweya isanayambe. Lamba wonyamula katundu yemwe waima atadzaza, kapena makina ophwanya omwe muli kale zinthu mkati, pa sitala sanyamuka, kapena amakakamira pa theka la liwiro, ndiye taimala ikasinthira ku deluta karenti imalumpha pafupifupi ngati mwangoyatsa mwachindunji, phindu lonse lapita. Kumeneko ganizirani sofutisitata kapena invata. Komanso sitata imeneyi imagwira pa mota yokhayo yomwe deluta yake ikufanana ndi magetsi anu, pa 400 V ndiye kuti ya 400/690 V. Mukaika ya 230/400 V inyamuka bwino kwambiri pa sitala, mpaka kusangalala, kenako taimala ikangogunda yalowa pa deluta n'kuyamba kupsa. Mukamva kuti mota imayamba bwino koma imadula pakangopita masekondi angapo nthawi zonse, pitani mukawerenge puleti musanamasule panelo.

Mavuto ena a sitata ya sitala-deluta amabwerezabwereza ndithu. Loyamba ndi kuiwala kuchotsa tizitsulo m'bokosi la mota. Sitata imeneyi imafuna mawaya 6 kupita ku mota ndipo tizitsulo tonse tichoke, chifukwa ntchito yake akuigwira ndi makontakita. Mukatisiya pa deluta kontakita ya sitala ikangotseka mafezi agundana, mukatisiya pa sitala kugundako kumabwera posinthira ku deluta, konseko ndi kuphulika ndi bureka kugwa.

Lachiwiri ndi ovalodi, ndipo apa ambiri amalakwitsa mofanana ndi nkhani ya kompuresa ija. Mu masitata ambiri ovalodi imamangidwa pansi pa kontakita yaikulu, pa mawaya opita ku U1, V1, W1, ndiye ikuona karenti ya mu koyilo osati ya pa laini. Iyenera kuikidwa pa 0.58 kuchulukitsa ndi karenti ya pa puleti, ya 11 kW ija ndi 12.4 A osati 21.5 A. Mukaiika pa 21.5 A mota yanu ilibe chitetezo chenicheni, ikhoza kupsa ovalodi ikungoyang'ana. Ngati ovalodi ili kumtunda, pa mawaya atatu mawayawo asanagawikane, ndiye pamenepo ndi 21.5 A. Tsatirani mawaya ndi chala muone pomwe ili musanapotokole kanthu. Chimodzimodzinso popima, mukaika kilampumita pa umodzi mwa mawaya 6 aja mukuwerenga ya koyilo, fanizani ndi nambala yaing'ono ya karenti ya pa puleti.

Lachitatu ndi mota kukhalira pa sitala osasintha, taimala yafa, kapena koyilo ya kontakita ya deluta yapsa, kapena kakontakiti kothandizira komwe kamaletsa makontakita awiriwa kutseka limodzi kada. Makina amayendabe ndiye palibe amene amazindikira, amangoti masiku ano yafooka. Imani pa panelo pamene ikuyatsidwa mumvetsere, payenera kumveka kugunda koyamba, kenako patapita masekondi kugunda kwachiwiri ndi mota kusintha mawu. Kukapanda kumveka kwachiwiriko mwalipeza vuto. Ubwino wake ngati ovalodi inaikidwa pa 0.58 ija idula yokha mota isanapse.

Palinso kusokoneza mawaya a michira. Kontakita ya deluta iyenera kupereka kwa mchira wa koyilo fezi yosiyana ndi yomwe ili pa mutu wake. Mukalakwitsa n'kupereka fezi yoyamba L1 ku U1 komanso L1 yomweyo ku U2, koyiloyo siiona voteji iliyonse. Pa sitala zonse zimayenda bwino chifukwa michira ingolumikizidwa pamodzi mulimonse, koma ikasinthira ku deluta mota imang'ung'udza n'kudula, kapena imangozima phee ngati makoyilo onse atatu alakwika chonchi. Zimachitika kwambiri munthu akafuna kutembenuza mbali yozungulira n'kusinthanitsa mawaya awiri a mitu yokha kuiwala michira. Njira yosadwalitsa mutu ndi kusinthanitsa mafezi awiri kumtunda, pomwe magetsi akulowera mu sitata. Ngati zolemba pa mawaya zinafufutika, zimitsani, masulani onse 6 ndipo mupeze awiriawiri ndi mita, koma dziwani kuti mita ingokuuzani kuti awa ndi a koyilo imodzi, siikuuzani kuti mutu ndi uti, ndipo koyilo imodzi ikatembenuzidwa mota imalira moipa ndi kukoka karenti yambiri yosafanana ngakhale pa sitala pomwe.

Za taimala, musamangoika masekondi 5 kapena 10 poti ndi zomwe munazolowera. Ikani kilampumita, yatsani, muone karenti ikukwera kenako n'kuyamba kutsika pamene mota ikuthamanga, ikasiya kutsika ndi pomwe sitala yamaliza ntchito yake, nthawi imeneyo ndi yomwe muike. Kusintha msanga kumabweretsa kugunda kwakukulu, kuchedwetsa kumangotenthetsa makoyilo pachabe. Gwiritsani taimala yeniyeni ya sitala-deluta, imakhala ndi kampata kakang'ono ka pafupifupi 50 ms pakati pake kuti kontakita ya sitala itseguke moto uzime ndiye ya deluta itseke.

Pali malo amodzi pomwe mota ya 230/400 V imayenera deluta ndipo anthu amaopa. Invata yomwe imalandira fezi imodzi ya 230 V imatulutsa mafezi atatu a 230 V, osati 400 V. Lamulo ndi lomwe lija, 230 ili kumanzere pa puleti ndiye deluta. Mukaisiya pa sitala koyilo ikulandira 133 V chabe, ifooka ndi kutentha ngati kompuresa ija. Mu invata mulowetse karenti yaikuluyo ya pa puleti, ndipo tsiku lomwe mota imeneyo idzabwerere pa 400 V mudzakumbukire kugonekanso tizitsulo, ine ndimalemba ndi maka mkati mwa chivundikiro cha bokosi kuti wobwera pambuyo panga adziwe.

Kusiya mota ya 400/690 V pa sitala mpaka kalekale sikulakwika nthawi zonse. Ngati katundu wake ndi wopepuka kwambiri, osapitirira gawo limodzi mwa atatu la mphamvu yake, imayenda bwino ndipo imakoka karenti yochepa kusiyana ndi pa deluta. Koma muchite mukudziwa, muike ovalodi pa nambala yaing'ono ija, 12.4 A pa mota yathuyi, ndipo mupime pa nthawi yomwe makina alemedwa kwambiri osati atangoyamba kumene.